Ndikati Call Mphatso galimoto imayimbira munthu wina, vuto ndi Chingerezi changa?

"Ndili ndi Sienta, ndinachotsa wailesi ya Chijapani ija nkuikitsa ya Android ku Limbe. Ndikadina batani nkunena kuti Call Mphatso imayimbira munthu wina kapena imangozungulira osachita kanthu, ndikakhala pa Highway ndiye zimanyanya. Madamu akuti vuto ndi Chingerezi changa cha ku Ndirande. Ndi zoona zimenezi kapena wailesiyi ndi feki? Nditani?" Wowerenga wa ku Machinjiri

Achimwene, musayambe kaye kupotoza lilime. Mawu anu oti pa Highway zimanyanya ndi amene andipatsa poyambira, chifukwa Chingerezi chanu sichisintha mukachoka pa geti kufika pa Chichiri, chimene chimasintha ndi phokoso. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto ndi kumanga mawailesi, ndipo magalimoto ambiri obwera ndi dandaulo limeneli vuto limapezeka pa maiki, kenako pa mmene mayina anasungidwira mu foni, lilime limabwera kumapeto. Madamu sanalakwe zonse ayi, tifikako, koma tiyambe ndi khutu la galimotoyo.

Funso loyamba ndi loti kodi mukamayankhula, maiki imene ikukumvani ndi iti? Zikumveka ngati funso lachibwana koma anthu ambiri sadziwa. Galimoto yochokera ku Japan imene inali ndi foni ya Bluetooth nthawi zambiri imakhala ndi kamaiki kake, mwina kudenga pafupi ndi magetsi a mkati, ndiye eni ake amangoti imeneyo ndi imene ikugwira ntchito. Koma mukachotsa wailesi yobwera nayo, maiki imeneyo nthawi zambiri imatsala yakufa, waya wake sulowa mu wailesi yatsopano. Wailesi ya Android ili ndi kabowo kakang'ono kumaso kwake, pena pamalembedwa MIC, ndipo mu katoni mumabweranso maiki ina ya waya wautali ndi kopanira. Omanga ambiri akamathamangira ntchito ina sayivutikira imeneyi, mwina amakupatsani katoni muli maiki momwemo kapena amailumikiza nkuikankhira kuseri kwa dashibodi limodzi ndi mawaya ena onse. Ndinatsegulapo Note ina nkupeza maiki itamangidwa ndi tepi pa paipi ya mpweya wa eyakoni, mwini wake amadabwa kuti chifukwa chani aliyense amamuuza kuti akumveka ngati ali mu chigayo.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Imikani galimoto pakhomo, injini ikulira, fani yozimitsa, mawindo otseka. Imbirani madamu kudzera mu wailesimo, iwo akhale mnyumba. Kenako kandani ndi chikhadabo pang'onopang'ono pa kabowo ka wailesi kaja, afunseni ngati amva kukanda. Kandani kudenga pamene pali timabowo. Ngati pali maiki ya waya ikuoneka, kandani pamenepo. Pomaliza kandani pansi pa foni yanu. Pamene anene kuti "eya pamenepo, mwandipweteka khutu" ndi pamene pali maiki yamoyo. Musayeze ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, chifukwa umenewo kawirikawiri umajambulidwa ndi maiki ya foni ndiye mumva mawu oyera bwinobwino nkumaganiza kuti galimoto ilibe mlandu.

Mukapeza kuti yamoyo ndi ya kumaso kwa wailesi, mwapeza theka la vuto lanu. Taganizani pamene wailesi imakhala: patali ndi pakamwa panu masentimita 70 kapena kuposa, cha kumanzere, ndipo pafupi penipeni ndi mabowo apakati otulutsa mpweya. Mawu ali ndi lamulo lake, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yofika pa maiki imatsala kota, pomwe phokoso la matayala, la injini ndi la fani silitsika chifukwa ilo lili paliponse mu galimoto. Ndiye mu Okutobala kukutentha mwayatsa fani pa 4, mphepo ikuwomba kabowo kaja, inu mukuyankhula nkhope yaloza kumsewu, chimene makina omvera mawu anuwo akulandira ndi mkokomo ndi timawu tanu pansipansi. Mutaima pa mzere wa magalimoto pa Ginnery Corner zimatheka, koma mukangokwera liwiro kulowera ku Limbe phokoso limakwirira zilembo zofewa monga s, f, t ndi h, zimene ndi zomwe zimasiyanitsa dzina ndi linzake.

Ndiye maiki ya waya ija ipezeke ndipo iyikidwe malo abwino. Ine ndimakonda pamwamba pa chikuto cha sitiyalingi, pakati pa chiwongolero ndi mamita, kapena kudenga pafupi ndi chotchingira dzuwa cha dalaivala, bola ikhale pa masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pakamwa ndipo ikuloza inu, osati galasi. Anthu ambiri amaipana pa mzati wa kumanja pafupi ndi windo chifukwa waya savuta kudutsitsa, koma ife kuno timayenda windo lotsegula, pamenepo ndi pakhomo pa mphepo. Komanso magalimoto ena mu mzati umenewo mumadutsa chikwama cha mpweya choteteza pa ngozi, waya asapingase kutsogolo kwake. Kasiponji kakuda kali kumutu kwa maiki musakachotse ati kakunyasa, ntchito yake ndi kuswa mphepo. Waya wa maiki asayende momangidwa pamodzi ndi mawaya amphamvu, mukamva pa foni kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika mukaponda mafuta, ndi magetsi a alitaneta akulowa mu waya umenewo kapena ethi ya wailesi ndi yofooka.

Pali kachinthu kena ka mawailesi otchipa kamene kamapusitsa ngakhale amisiri. Pa ena mukalowetsa maiki yakunja, ya mkati ija siifa, ziwiri zonse zimamva limodzi, ndiye mwawononga nthawi kuika yabwino koma mkokomo wa fani ukulowabe kudzera pa kabowo. Bwerezani kukanda kuja mutatha kumanga. Ngati zonse ziwiri zikumveka, mmisiri atsegule achotse ya mkatiyo, kumata tepi pabowo kumangochepetsa pang'ono. Ndipo wina asakunamizeni kuti angokweza mphamvu ya maiki mpaka kumapeto mu maseting'i, kukweza kumakweza mawu ndi phokoso limodzi, ikapyola mawu amasweka nkumamveka ngati sipika yong'ambika.

Njira imene mawu akudutsa kuchoka pa maiki kupita ku foni nayonso ili ndi mbali yake. Ngati mukungogwiritsa Bluetooth, mawu amadutsa njira ya kuyimba foni, ndipo pa zipangizo zakale kapena zotchipa njira imeneyi ndi yopapatiza, imadula mawu onse opyapyala opitirira pafupifupi mahetsi 3,400, uko kumene s amasiyanira ndi f. Munthu amamvabe chifukwa ubongo umadzaza mipata, makina ndiye amangolota. Ngati wailesi yanu ili ndi Android Auto kapena CarPlay, zija zimaonetsa za mu foni pa sikirini ya wailesi, gwiritsani imeneyo ndi kebulo yabwino yaifupi, nthawi zambiri zimamveka bwinoko kusiyana ndi Bluetooth yokha.

Tsopano tinene kuti madamu akukumvani bwino pa foni ngakhale mukuyenda. Apa yambani kuyang'ana chimene makina akulemba pa sikirini mukayankhula, muchite izi mutaima chonde osati mukudutsa pa Kamuzu Stadium. Ngati sakulemba kanthu, kapena akulemba theka la mawu, vuto ndi nthawi kapena netiweki. Ngati akulemba mawu ena achilendo m'malo mwa dzina, vuto ndi dzinalo. Ngati alemba molondola koma osayimba, vuto lili mu foni. Zitatu izi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo anthu amataya ndalama kugula wailesi ina chifukwa chosazisiyanitsa.

Dzina la Mphatso ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Makinawa sakumva Chichewa, akumva Chingerezi, ndiye akaona dzina mu foni yanu amaliwerenga ndi malamulo a Chingerezi kuti adziwe phokoso loyembekezera. Mu Chingerezi ph ndi f, choncho iwo akudikira kumva china chake ngati Mfatso, inu mukubwera ndi p wa mpweya woyera bwino wa kwathu kuno. Zikapanda kugwirizana amafuna dzina lina loyandikira, akapeza Matthew kapena Patson amayimba basi. Thoko ndi Thandi ali pa vuto lomwelo chifukwa th wa Chingerezi ndi wa lilime pakati pa mano. Mayina oyamba ndi Ng', Nkh, Mch, Ntch ndi Mb amavutanso chifukwa Chingerezi sichiyamba mawu chonchi, pomwe Chisomo ndi Chikondi kawirikawiri amadutsa osavuta. Ndiye onani, pamenepa inu mukutchula molondola, wolakwa ndi makina owerenga dzinawo.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kupatsa makina dzina lachiwiri losavuta. Simukuyimbira anthu 800 mukuyendetsa, mukuyimbira mwina khumi, konzani amenewo okha. Ngati Mphatso ndi wa mapaipi, musungeni Mphatso Plumber, kapena lembani Plumber pa `Nickname` mu Contacts, kenako munene:

```
Call plumber
```

Sankhani mawu a Chingerezi wamba, a maphatikizo awiri kapena atatu, osafanana ndi ena onse mu foni. Mawu afupi kwambiri monga Jo kapena Ben amamira mu phokoso msanga. Kwa achibale, mafoni onse awiri, Android ndi iPhone, amalola kuwauza kuti uyu ndi mkazi wanga, uyu ndi mayi anga, ndiye mukangoti `Call my wife` zatha. Palinso malo olembedwa `Phonetic first name` mu Contacts, pa iPhone mumawapeza mukadina `add field`, pamene mungalembe dzina mmene mzungu angaliwerengere kuti limveke ngati lathu, mwachitsanzo Patso kapena Toko. Pena zimagwira pena ayi, zimatengera foni, ine ndimayamba ndi dzina lachiwiri lija chifukwa silinandikhumudwitsepo kwenikweni.

Ndiye pali chisokonezo cha mu buku la manambala chimene tonse tili nacho. Munthu mmodzi ali kanayi: Mphatso, Mphatso Airtel, Mphatso TNM new, Mphatso 2, wina ali pa simu khadi wina mu foni wina pa akaunti ya Google. Makina ngakhale amve bwino sadziwa woti asankhe, mwina akufunsani mndandanda wautali kapena atenga nambala yakale imene inafa. Phatikizani onse akhale munthu mmodzi, nambala ina ilembedwe `Mobile` ina `Work`, imene mumaigwiritsa kwambiri muiyike `Set default`. Amene ali pa simu khadi asamutseni apite pa akaunti. Ndipo ulemu wathu uja, Amayi a uje, Bambo a uje, Abusa uje, Achimwene uje, umachititsa kuti mayina makumi angapo ayambe mofanana, chosiyanitsa nkukhala kumapeto kumene mawu anu atsika kale. Pa anthu khumi aja, ikani dzina patsogolo. Tizithunzi ta mitima ndi maluwa chotsaninso, chikondi sichitha nazo.

Ndikuuzeni za Sienta ina yonga yanu imene inabwera ndi nkhani imeneyi. Mwini wake amati ikumva ikafuna yokha. Titakanda tinapeza kuti yamoyo ndi ya kumaso kwa wailesi, ya waya inali mu kabati ya kutsogolo isanamasulidwe nkomwe mu pulasitiki. Tinaiyika pa chikuto cha sitiyalingi, nkuyesa titaima, mawu wamba monga `Play music` anayamba kulowa nthawi zonse. Dzina la mlongo wawo Thokozani limalembedwabe zachilendo, tinaika Sister pa `Nickname`, linalowa. Koma chodabwitsa, sikirini imalemba bwinobwino kuti ikuyimba, foni osalira kwa mlongoyo. Titatulutsa foni mthumba tinapeza ikufunsa kuti ndiyimbe ndi simu iti, yakhala ikudikira chala nthawi yonseyi. Foni ya masimu awiri ikakhala pa `Ask every time` kapena `Always ask`, imaima pamenepo. Lowani mu maseting'i a masimu, pa `Calls` sankhani simu imodzi, vuto limeneli ndi lofala kwambiri kuno chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi manambala awiri. Onaninso mu Bluetooth pa dzina la wailesi yanu kuti `Contact sharing` kapena `Sync Contacts` ndi yoyatsa, ikakhala yozimitsa wailesi siona mayina konse.

Kuzungulira osachita kanthu kumene mwanena kuja nthawi zambiri ndi nkhani ya data. Mawu anu ambiri samasuliridwa mu galimoto, amatumizidwa pa intaneti nkubwera yankho. Ngati mwagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook, foni imaoneka ngati ili pa intaneti, mauthenga akulowa, koma mawu anu alibe njira yodutsa. Pakufunika bandulo ya intaneti yonse, ndipo onani kuti `Data Saver` sikutsekereza pulogalamu ya Google. Mukatuluka mtauni kulowera ku Zalewa kapena kukwera ku Thyolo kumene netiweki imadukaduka, musadabwe zikachedwa, mafoni atsopano amatha kuchita zina zing'onozing'ono opanda intaneti koma kufunsa malo kumafuna data.

Tibwere kwa madamu tsopano, poti ali ndi mbali yawo yoona. Ife l ndi r kwathu ndi chinthu chimodzi, ndiye play ndi pray zimatuluka pafupipafupi, ndipo timakonda kuika kamchira kumapeto kwa mawu, Call James nkukhala kolo Jemusi, pomwe makina akudikira mawu othera pa l ndi z. Simukufunika kusintha Chingerezi chanu chonse, dulani kamchira kokha pa mawu olamula atatu kapena anayi amene mumagwiritsa ntchito, ndipo pa mayina a dzina lachiwiri aja pewani odzaza l ndi r. Yang'ananinso chiyankhulo chimene chinasankhidwa, mafoni ambiri amabwera ali pa `English (United States)`. Yesani `English (United Kingdom)`, pa iPhone palinso `English (South Africa)`, ndipo yesani mwachilungamo: mayina asanu omwewo, malo omwewo, chiyankhulo chimodzi kenako chinacho, muone chopambana. Musasankhe ziyankhulo ziwiri zitatu nthawi imodzi, mukungowonjezera zoti makina alote.

Chimene chimawononga kwambiri kuposa katchulidwe ndi nthawi yoyankhulira. Anthu amadina batani nkuyamba kuyankhula pompopompo, pomwe wailesi imatenga kamphindi kuti itsitse nyimbo ndi kutsegula maiki, makamaka pa Bluetooth, ndiye mawu oyamba amadulidwa, makina amangolandira dzina lopanda lamulo. Dikirani kabelu kalire, kenako nenani zonse mu mpweya umodzi. Mukaima pakati kuganiza, iii uja ndani uja, makina amati mwamaliza nkutseka khutu. Konzani chiganizo mmutu musanadine. Ndipo ikakana koyamba musakalipe, ndikudziwa zimapsetsa mtima, koma munthu akamakuwa mawu amasintha, mavawelo amatalika mawu nkukwera, zimatalikirana ndi zimene makina anazolowera. Kudula mawu pang'onopang'ono, Mpha... tso, nakonso kumaipitsa chifukwa amamva ngati mawu awiri. Yankhulani mmene mungayankhulire ndi munthu wakhala pampando wakumanzere, nkhope kumsewu. Musanadine kwezani windo, tsitsani fani ifike pa 1 kapena 2, ndipo ana kumbuyo akhale chete kamphindi, chifukwa maiki siisankha mwini galimoto. Mvula ya Januwale ikamamenya denga ingodinani dzina pa sikirini mutaima, tsiku limenelo si la mawu.

Batani lenilenilo lionetsetseninso. Pa magalimoto amene wailesi yake ndi yobwera nayo ndipo ili ndi CarPlay kapena Android Auto, kudina kamodzi kumadzutsa makina a galimoto eni ake, amene amangodziwa malamulo ochepa oloweza, ndipo ngati ndi ya msika wa ku Japan amayembekezera Chijapani. Kudina mogwiriza ndi kumene kumadzutsa a foni. Pa wailesi yoikitsa ngati yanu, mabatani a pa sitiyalingi amachita kuphunzitsidwa mu maseting'i, ndiye zimatheka kuti batani lanu linalozedwa ku kapulogalamu ka mawu kobwera ndi wailesiyo, kamene nthawi zambiri ndi kofooka, osati ku Google. Mukadina onani chimene chikutuluka pa sikirini, ngati si cha Google mmisiri alisinthe.

Za malo ndingonena mwachidule poti simunafunse kwenikweni koma muzakumana nazo. Mapu amadziwa mayina olembedwa, sadziwa athu a mkamwa. Mukati ku Kwinzi palibe chimene mupeze, nenani dzina lonse ndi tauni:

```
Navigate to Queen Elizabeth Central Hospital, Blantyre
```

Kumbukirani kuti ku Scotland kuli Blantyre ndipo ku Cameroon kuli Limbe, ndiye ngati `Location` ndi yozimitsa kapena foni sinapeze pamene muli, ikhoza kukupatsani ulendo wa masiku. Kunyumba kwanu ku Machinjiri kulibe nambala ya msewu imene mapu angaimve, choncho imani pa geti, ikani chizindikiro pa mapu nkuchisunga ngati `Home`, kuntchito ngati `Work`, ndipo malo ena monga kusukulu kwa ana apatseni `Label` ya mawu amodzi osavuta, School, kuti muzingoti `Navigate to school`. Mukakhala pa Wi-Fi tsitsaniko mapu a Blantyre yonse pa `Offline maps`, kuti mseu uzionekabe netiweki ikathawa.